Timiyala tonunkha ta m'matonsolo: kodi n'chiyani, ndipo tichotsedwe bwanji osadzivulaza?

Pali vuto lina la pakhosi limene anthu ambiri kuno ku Salima amakhala nalo mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Munthu amamva ngati pakhosi pakodwa kanthu, akameza malovu kanthuko kali pomwepo, akamwa madzi sikasuntha. Tsiku lina akukhosomola kapena kuyetsemula, kamatuluka kanthu koyera motuwira kapena kachikasu, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Akakatswanya ndi chala n'kununkhiza, fungo lake limakhala losapiririka. Ena amaganiza kuti ndi chidutswa cha dzino, ena amati ndi mafinya, ndipo ena amayamba kuopa khansa kapena kuganizira anthu a m'mudzi. Kawirikawiri kanthuko ndi kamwala ka m'matonsolo. Timiyala timeneti si toopsa, ndipo chimene chimapweteka anthu ambiri ndi njira zimene amatsata pofuna kutitokosa. N'chifukwa chake ndikufuna tione bwinobwino kumene timachokera, mmene munthu angatsimikizire kuti ndi tomweto, ndi mmene angatichotsere khosi lake lili bwino.

Yasamulani pa galasi mutawalitsa tochi ya foni. Pakati penipeni pa kukhosi pali kanyama kolendewera, ndipo kumanja ndi kumanzere kwake kuli tinyama tiwiri tokhala ngati tabisala kuseri kwa makwinya a khungu. Amenewo ndiwo matonsolo. Ntchito yawo ndi kuthandiza chitetezo cha thupi kuzindikira tizilombo tolowa ndi chakudya ndi mpweya, makamaka pa ubwana. Kuti agwire bwino ntchitoyo sakhala osalala. Lililonse lili ndi timaenje, nthawi zambiri pakati pa 10 ndi 20, ndipo tina timalowa mkati ndithu n'kupanga nthambi. Aliyense ali nato timaenjeti, koma kwa anthu ena n'takuya ndi totakasuka, makamaka amene ankadwaladwala zilonda zapakhosi ali ana, chifukwa kutupa kulikonse kumasiya zipsera zimene zimakulitsa maenjewo ndi kuwakhotetsa.

M'timaenjemo mumagwera zinthu tsiku ndi tsiku: timaselo takufa tofunduka m'kamwa, mamina otsikira kukhosi kuchokera kumbuyo kwa mphuno, tinyenyeswa ta chakudya, ndi mabakiteriya. Kwa anthu ambiri zinthuzi zimatsukika ndi malovu n'kumezedwa osazindikira n'komwe. Zikakhalitsa zimaumbika, ndipo mchere wa kashiyamu wa m'malovu umalowerera pang'onopang'ono mpaka chinthucho kulimba. Ndiye mupeza kuti timiyala tatsopano timakhala tofewa, tonyenyeka pakati pa zala, pamene takale timakhala tolimba ndithu. Ambiri amakhala a mamilimita ochepa chabe. Akuluakulu opitirira sentimita imodzi alipo koma saonekaoneka.

Fungo limachokera ku mabakiteriya amene amakonda malo opanda mpweya, ndipo pansi pa kadzenje kotsekeka ndi malo abwino kwambiri kwa iwo. Akamadya mapuloteni a m'maselo akufa ndi m'mamina amatulutsa mipweya ya salufa, yomweyo imene imanunkhitsa dzira lovunda. Munthu akamayankhula, mpweya wake umadutsa pamenepo n'kunyamula fungolo. Apa m'pamene pamakhala chinthu chowawa mtima: munthu amatsuka mano katatu patsiku, amatafuna chingamu, koma anzake amangoyang'ana kumbali akamayankhula nawo, chifukwa mswachi sufika kumene kuli gwero.

Kumva ngati pakodwa kanthu nakonso kuli ndi chifukwa chake. Khosi limamva msanga kwambiri, moti kanthu kakang'ono kokanikiza khoma la kadzenje kamamveka ngati chinthu chachikulu. Ena amatsokomola kachifuwa kouma, ena amangokhalira kukonza pakhosi. Palinso amene amamva kupweteka m'khutu la mbali yomweyo pamene khutulo lili bwinobwino, chifukwa mtsempha umene umamva za m'matonsolo uli ndi nthambi yopita kukhutu, ndiye ubongo umasokoneza kumene ululu wachokera. Anthu otere amatha kuthira mankhwala m'khutu kwa nthawi yaitali popanda kusintha kulikonse.

Musanakhudze chilichonse, tsimikizani kaye

Kuno kunyanja funso loyamba liyenera kukhala la munga wa nsomba, chifukwa minga yaing'ono imakonda kubaya m'matonsolo momwemo kapena kumbuyo kwa lilime. Kusiyana kwake kumamveka pa mbiri ya vutolo. Munga umayamba mwadzidzidzi muli pakati pa kudya chambo kapena utaka, mumakumbukira nthongo imene munameza, ululu wake ndi wobaya pa kumeza kulikonse ndipo mumatha kuloza ndi chala pamene uli. Kamwala kamayamba pang'onopang'ono, simungatchule tsiku, kamasowetsa mtendere koma kubaya kwenikweni palibe, ndipo nsima imadutsa bwinobwino. Ngati ndi munga, njira yomeza nthongo yaikulu ya nsima kapena nthochi kuti uukankhe si yodalirika, ingathe kuulowetsa mkati. Ululu ukapitirira mpaka tsiku lotsatira pitani kuchipatala, komwe angauone ndi nyali n'kuuzula ndi kachipangizo koyenera. Ngati mukulephera kumeza ngakhale malovu, musadikire kuti kuche.

Zoyera za pakhosi zilinso za mitundu ina. Ngati thupi latentha, kumeza kukuwawa kwambiri, matonsolo afiira ndi kutupa ndipo ali ndi zoyera zopakika pamwamba, amenewo ndi matenda a matonsolo enieni, ofunika kuonedwa ndi dokotala. Kwa mwana izi musazitenge mopepuka, chifukwa mtundu wina wa mabakiteriya a pakhosi ukapanda kuchizidwa umatha kudzaononga mtima patsogolo. Ngati zoyerazo zafalikira pa lilime, m'masaya ndi kumwamba kwa kamwa, ndipo mukazipala pansi pake pamatsala pofiira, kawirikawiri ndi mafangasi, ndipo kwa munthu wamkulu chimenecho ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa HIV ndi shuga. Kamwala kamaoneka mosiyana: kali pamalo amodzi, kasuzumira m'kadzenje, nyama yozungulira ili ndi mtundu wake wa masiku onse, ndipo munthu sakudwala m'thupi.

Chinanso chofunika kuvomereza n'chakuti kukhala ndi timiyala sikutanthauza kuti fungo lonse likuchokera kumeneko. Mwa anthu 10 alionse onunkha m'kamwa, pafupifupi 8 kapena 9 gwero lake limakhala m'kamwa momwemo, makamaka litsiro la kumbuyo kwa lilime, matenda a nkhama ndi mano obooka. Matonsolo amatenga gawo laling'ono chabe. Pali kuyeza kosavuta kumene mungachite kunyumba. Tengani sipuni yoyera, palani kumbuyo kwa lilime, dikirani masekondi angapo kuti ziume pang'ono, kenako nunkhizani. Ngati pali fungo lamphamvu, lilime lili ndi mbali yake pa mlanduwu. Onaninso ngati mswachi umatuluka ndi magazi, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha nkhama zodwala. Ndimalimbikira pa mfundo imeneyi chifukwa munthu akhoza kulimbana ndi matonsolo miyezi yambiri pamene chofunika chinali kuonana ndi dokotala wa mano.

Mmene zinamuyendera mayi wina

Titenge chitsanzo cha mayi wa zaka za m'ma 30 amene amagulitsa usipa wouma pamsika wina kufupi ndi Senga Bay. Kwa miyezi ingapo ankamva kanthu kumanzere kwa khosi, ndipo mwamuna wake anali atamuuza mwaulemu kuti m'kamwa mwake mwasintha. Atadziona pa galasi anaona kadontho koyera, natenga kamtengo ka machesi n'kukatokosa. Kanatuluka kachidutswa, komanso panatuluka magazi, ndipo patapita masiku awiri khosi linatupa moti kumeza kunayamba kuwawa. Anagula makapusozi a amokisisilini pa golosale, anamwa masiku atatu, ululu utachepa anasiya. Patatha milungu iwiri kadontho kaja kanali katabwerera pomwepo.

Atapita kuchipatala chaching'ono, dokotala anamufunsa ngati vutoli linayamba ali pakati pa kudya, ngati thupi limatentha, ndi ngati akuonda. Zonsezi anakana. Atamuunika anapeza matonsolo ofanana kukula mbali zonse, okhala ndi maenje akuya, timiyala tiwiri kumanzere, lilime lokutidwa ndi zoyera kumbuyo, ndi nkhama zabwinobwino. M'khosi munalibe chotupa.

"Adokotala, ndiye si khansa?" anafunsa mayiyo.

"Ayi mayi, zimene ndikuonazi si khansa. Koma machesi aja muwasiye lero lomwe. Nanga madzi mumamwa ochuluka bwanji mukakhala pamsika?"

Apa m'pamene panatulukira chinthu china. Mayiyo ankapewa dala kumwa madzi masana onse chifukwa chimbudzi chili kutali ndipo panalibe womuyang'anira malonda. Ndi kutentha kwa kunyanja kwa mu Okutobala ndi Novembala, m'kamwa munkakhala mouma gwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Malovu ndiwo amatsuka timaenje tija, ndipo akachepa zinyalala zimakhazikika, mabakiteriya onunkhitsa amachulukana. Zomwezi zimachitikira osuta fodya, ogona kukamwa kuli yasa chifukwa cha mphuno yotsekeka, ndi abale athu achisilamu m'mwezi wa Ramadani, amene angathandizike potsuka lilime ndi kuchukucha pakhosi akamasula madzulo ndiponso m'bandakucha asanayambe kusala.

Dokotala sanamupatse mankhwala opha mabakiteriya. Makapusozi sasungunula kamwala ndipo satseka maenje. Akhoza kuchepetsa fungo kwa masiku angapo, koma akatha zonse zimabwerera, ndipo kumwa mosamaliza monga anachitira mayiyu kumangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwalawo. Chimene anauzidwa chinali cha m'khitchini mwake momwe.

Choyamba chinali madzi a mchere. Theka la sipuni yaing'ono ya tiyi ya mchere amalisungunula m'kapu ya madzi ofunda, ya mamililita pafupifupi 250. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ofunda mongoti munthu angathe kumwa. Amaika pang'ono m'kamwa, kukweza mutu, n'kumatulutsa mpweya kuti madziwo azibwata kukhosi kwa masekondi ngati 30, kenako kulavula, mpaka kapu ithe. Anauzidwa kuchita zimenezi akadya, makamaka usiku asanagone. Kungochukucha m'masaya sikuthandiza, madzi ayenera kufika kumbuyo kwenikweni. Kuonjezera mchere poganiza kuti ugwira ntchito msanga kumangowawula khosi ndi kuliumitsa. Odwala matenda othamanga magazi angachite izi bwinobwino malinga akulavula. Mwana wamng'ono amene sanadziwe kulavula asapatsidwe.

Chachiwiri chinali kutsuka lilime. Akatha kutsuka mano, m'mawa ndi usiku, amatulutsa lilime n'kulipala mofatsa ndi mswachi kapena sipuni kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, kangapo, akutsukuluza sipuniyo nthawi iliyonse. Masiku oyamba mseru umabwera, koma umachepa munthu akazolowera, ndipo zimathandiza kutulutsa mpweya pang'onopang'ono pamene mukupala. Anauzidwanso kunyamula botolo la madzi n'kumamwa pang'onopang'ono tsiku lonse, mpaka mkodzo uzioneka woyererako.

Pofika kumapeto kwa mlungu woyamba kamwala kamodzi kanatuluka kokha akuchukucha. Kena kaja kanakakamira, ndipo apa m'pamene anagwiritsa ntchito njira yachitatu, ya sirinji yatsopano ya mamililita 10 kapena 20 imene imapezeka ku famase. Singano yake imachotsedwa n'kutayidwa kutali, chimene chimafunika ndi chibotolo chake chokha. Amakoka madzi a mchere aja, amaima pa galasi ataweramira pang'ono pa beseni kuti madzi azituluka osati kutsamwitsa, wina atamugwirira tochi. Mlomo wa sirinji amauyandikiza pa kadzenjeko osaukhudzitsa nyama, n'kukankha pang'onopang'ono kuti madzi awombe m'mbali mwa kamwalako. Kuwomba pakati penipeni mwamphamvu kumatha kukakankhira mkati. Pa tsiku lachitatu kanatuluka.

Ena amakwanitsa ndi kamtengo kokhala ndi thonje kumapeto, kamene amagulitsa m'masitolo. Njirayi ndi yovomerezeka pokhapokha kamwalako kakuoneka bwino ndipo katulukira kale kunja. Sambani m'manja, nyowetsani thonjelo, ndipo kanikizani mofatsa nyama ya pansi kapena pambali pa kamwalako mokankhira m'mwamba kuti kasolomoke kokha. Musalowetse kamtengoko m'dzenje. Mukayesa kawiri kapena katatu osatheka, lekani, mudzayesenso mawa mutachukucha. Mukaona magazi kapena kumva ululu, ntchito yathera pomwepo kwa masiku angapo. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga wafarini, amene magazi awo savuta kutuluka, ndiponso aliyense amene khosi lake latupa kapena thupi latentha, asayese n'komwe njirayi. Mwana asatokosedwe kunyumba, chifukwa akadzidzimuka akhoza kubayidwa kapena kutsamwa.

Za machesi, pini, singano, waya, chotokosera mano kapena chikhadabo, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti muzisiye. Matonsolo ali ndi mitsempha yambiri ya magazi, nyama yake ndi yofewa, ndipo khosi limagwedezeka lokha likakhudzidwa, moti dzanja lokhazikika bwanji likhoza kubaya. Chilonda cha pamenepo chimakhala pakati pa mabakiteriya ambirimbiri, ndipo chikapola chimasiya chipsera chimene chingapangitse dzenjelo kusunga zinyalala kuposa kale. Musalolenso munthu aliyense m'mudzi kudula, kutema kapena kufinya chilichonse kukhosi kwanu kapena kwa mwana wanu, ndipo musachukuche ndi sipiriti, jiki kapena kachasu.

Ku mafamase ena kumapezeka mankhwala ochukuchira otchedwa kolohekisidini. Amachepetsadi mabakiteriya ndi fungo, koma ndi a kanthawi kochepa, mlungu umodzi kapena iwiri, chifukwa akapitirira amadetsa mano ndi lilime ndiponso amasintha kakomedwe ka chakudya. Ochukuchira amene ali ndi mowa mkati amabisa fungo kwa kanthawi kenako amaumitsa m'kamwa, choncho kwa munthu wa vutoli phindu lake ndi lochepa.

Mayi uja atabwerera kuchipatala patatha mwezi, fungo linali litachepa kwambiri ndipo kumva kanthu pakhosi kunali kutatha. Dokotala anamuuza mosabisa kuti timiyala tidzabweranso nthawi ndi nthawi, popeza maenje alipobe. Ichi n'chimene anthu ambiri sauzidwa, ndiye akaona kamwala katsopano amataya mtima n'kubwerera ku machesi. Cholinga cha chisamaliro cha tsiku ndi tsiku n'chakuti zinyalala zizituluka zikadali zofewa ndi zazing'ono. Kamwala kamene sikakukusowetsani mtendere mungathe kungokasiya, ndipo kukameza mwangozi sikuvulaza. Vutoli silipatsirananso, ngakhale pogonana kapena kudyera mbale imodzi.

Pamene njira za kunyumba zathera

Pali zizindikiro zimene zikaoneka nkhani ya mchere ndi sirinji imayamba yaima. Ngati mbali imodzi ya khosi ikupweteka kwambiri, pakamwa pakukanika kuyasamuka, mawu asintha ngati munthu wavwata chakudya chotentha, malovu akungotuluka ndipo thupi latentha, n'kutheka kuti mafinya aunjikana kuseri kwa tonsolo. Chimenecho ndi chithupsa chofunika kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kupuma kukayamba kuvuta ndi nkhani ya changu kwambiri. Magazi osaleka mutatokosa nawonso ndi chimodzimodzi.

Zina sizipweteka kwambiri koma n'zofunika kuzifulumirira. Tonsolo limodzi likamakula kuposa linzake, chilonda cha pakhosi chikapitirira milungu 3 osapola, m'khosi mukatuluka chotupa cholimba, mawu akasasa kwa milungu ingapo, chakudya chikayamba kukakamira podutsa, khutu limodzi likamapweteka mosalekeza, kapena munthu akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, pafunika kuunikidwa mozama. Izi zikhoza kukhala khansa kapena chifuwa chachikulu cha m'zotupa za m'khosi, makamaka kwa osuta fodya, omwa mowa kwambiri ndi amene ali ndi HIV. Komanso ngati mukumva kanthu pakhosi koma timiyala simunatione n'kamodzi komwe, kumbukirani kuti asidi wobwerera kuchokera m'mimba, mamina otsikira kukhosi ndiponso nkhawa zimabweretsa kumva komweku, ndipo chithandizo chake ndi china.

Chimene chimathetseratu timiyala ndi opaleshoni yochotsa matonsolo, koma madokotala sathamangira kuichita pa chifukwa chimenechi chokha, ndipo ndikuona kuti amachita bwino. Imafuna kugonetsa munthu ndi mankhwala, kwa wamkulu khosi limawawa kwambiri kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo anthu ochepa mwa 100 alionse amatuluka magazi pambuyo pake, kawirikawiri pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 pamene nkhanambo ikufunduka. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala chachikulu, monga kumidzi ya kwa Khombedza kapena cha ku Dwangwa, ngozi imeneyi ndi yoiganizira mofatsa. Muyezo umene madokotala ambiri amatsata ndi wa kuchuluka kwa matenda enieni a matonsolo: maulendo 7 m'chaka chimodzi, kapena 5 pachaka kwa zaka ziwiri zotsatizana, kapena 3 pachaka kwa zaka zitatu. Chithupsa chobwerezabwereza, kubanika kutulo chifukwa cha matonsolo aakulu, ndi kukayikira khansa ndi zifukwa zinanso. Timiyala tokha tingaganiziridwe ngati munthu wayesa chisamaliro chonse kwa miyezi ingapo, mano ndi nkhama zaonedwa kuti zili bwino, koma fungo likumulepheretsabe ntchito kapena kusokoneza banja lake.

Njira yake imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kupita ku chipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota, ndipo akaona kuti n'koyenera amalemba kalata yotumiza kwa akatswiri a makutu, mphuno ndi khosi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chifukwa chakuti akatswiriwo amafunsa za kuchuluka kwa maulendo amene mwadwala, nthawi iliyonse khosi likatupa onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Timiyala timakonda kubisala tsiku limene mwapita kukaonetsa, choncho kakatuluka kunyumba kajambuleni ndi foni mutakaika pafupi ndi kandalama kachitsulo kuti kukula kwake kuoneke, ndipo mupite nacho chithunzicho.